Fomu ya tchuthi yothetsa mkangano wa masiku

Pa ofesi yathu ku Ntcheu mkangano unkabuka chifukwa fomu yakale inkangofunsa tsiku loyamba tchuthi ndi chiwerengero cha masiku. Wogwira ntchito wina atapempha masiku 10 kuyambira Lolemba, iye anachotsera Loweruka ndi Lamulungu, pomwe mkulu wake anawerengera masiku onse motsatizana, choncho anasiyana masiku anayi pa tsiku lobwerera.

Pokonza fomuyi ndinaikapo mizere itatu: tsiku loyamba tchuthi, tsiku lomaliza, ndi tsiku lofika pa ntchito, ndipo mwezi umalembedwa m'mawu chifukwa 6/7 ena amawerenga Juni pomwe ena amati Julayi. Pansi pake ndinalemba kuti timawerenga masiku ogwira ntchito okha, kotero tsiku ngati 6 Julayi likagwa m'kati mwa tchuthi silichotsedwa pa masiku a munthu.

Mbali ya chilolezo ndiyo inafunika kusamala kwambiri. Kalaliki amayamba walemba masiku otsala, kenako mkulu amasankha kuvomereza, kukana kapena kusintha, n'kusayina ndi kulemba tsiku. Akasintha masiku, wopemphayo amasayinanso pambali pake, apo ayi kusinthako sikugwira ntchito. Chilolezo cha pakamwa sitichilandiranso, ndipo aliyense amanyamuka atatenga kope lake losayinidwa.