Nthawi yabwino yoimbira wachibale ali kunja

"Ndili ku Malawi, achimwene ali ku New York. Ndiwaimbire nthawi yanji kuti ndisawadzutse?"

Dziko limazungulira kulowera kummawa, choncho kumacha msanga kumaiko akummawa. Nthawi ya dera lililonse amaiwerengera kuchokera pa muyezo umodzi wotchedwa UTC. Malawi ali pa UTC+2 chaka chonse, kutanthauza kuti ali patsogolo pa UTC ndi maola awiri.

Choyamba, pezani nambala ya UTC ya mzinda umene ali, osati ya dziko, chifukwa Amereka ali ndi nthawi zingapo. New York imakhala pa UTC-5 m'nyengo yozizira ya kumeneko, ndiye kusiyana kwake ndi maola 7, iwo ali m'mbuyo.

Kenako muone mwezi, pakuti apa ndi pamene ambiri amaphonya. Kuyambira Lamulungu lachiwiri la Malichi mpaka Lamulungu loyamba la Novembala, kumeneko amasuntha wotchi ola limodzi kutsogolo, kusiyana n'kukhala maola 6.

Tsopano yambirani pa nthawi yawo, osati yanu. Ngati amaweruka 5 koloko madzulo, kwanu imakhala ili 11 koloko usiku mu Julaye, kapena pakati pa usiku mu Januwale. Pamenepo mwagona kale. Ine ndingasankhe Loweruka: mukaimba 4 koloko masana, iwo ali pa 10 koloko m'mawa mu Julaye, 9 koloko mu Januwale, adzuka ndipo sanatuluke. Ngati amagwira ntchito usiku, afunseni kaye nthawi imene amagona.

Pomaliza, onjezerani New York pa wotchi ya mufoni yanu. Imasintha yokha miyeziyo ikafika.