Viniga ndi soda m'makina ochapira zovala: chilichonse chili ndi nthawi yake

Makina ochapira zovala akayamba kununkha chuku, makamaka aja okhala ndi chitseko chakutsogolo, ambiri amathira kapu ya viniga pamodzi ndi soda wophikira mumgolo, ndipo akaona thovu likufufuma amakhulupirira kuti litsiro likuchoka. Malangizo anga ndi akuti ziwirizi musaziphatikize, chifukwa chilichonse chimapha mphamvu ya chinzake.

Viniga woyera wa m'sitolo nthawi zambiri amakhala ndi asidi wokwana magawo 5 pa 100 alionse, kotero m'kapu ya mamililita 250 muli asidi wolemera pafupifupi magalamu 12. Soda, yemweyu timathira m'therere, amathetsa asidi, ndipo magalamu 18 okha, omwe ndi supuni yaikulu imodzi yodzaza bwino, ndi okwanira kupha asidi yense wa m'kapu ija. Thovu lomwe mumaona ndi mpweya wongotuluka, ndipo likaphwa mumatsala madzi okhala ndi mchere wina wosatha kutsuka kanthu. Amene wathira theka la kapu ya soda wangotaya viniga wake yense.

Payekha viniga ali ndi ntchito yeniyeni. Kumene madzi ali amchere, monga a m'mijigo yambiri, laimu amakanirira pachitsulo chotenthetsera madzi ngati mmene amachitira pansi pa ketulo, ndipo sopo wotsalira amaumitsa matawulo. Asidi amasungunula zonsezi. Ngati matawulo anu auma gwaa, thirani theka la kapu ya viniga m'chipinda cha mankhwala ofewetsera zovala, kuti alowe pa nthawi yotsukuluza komaliza. Mukamuthira pamodzi ndi sopo waufa poyamba, amafooketsa sopoyo, pakuti sopo amachapa bwino m'madzi opanda asidi.

Vuto la viniga silioneka tsiku limodzi. Chitseko chili ndi mphira wotchinga madzi, mapaipi ena amkati ndi amphira, ndipo mitundu ina ya mphira imafooka ikamakumana ndi asidi kawirikawiri. Ngozi imakula pamene munthu athira viniga pochapa paliponse, kapena aviika mphirawo m'viniga wosasungunula n'kuusiya usiku wonse. Zizindikiro zake ndi mphira wouma kapena wonata, timing'alu m'mapindiro ake, ndi timadontho ta madzi pansi pa chitseko. N'chifukwa chake ena mwa opanga makinawa amaletsa viniga, ndipo ngati makina anu adakali pa galanti, werengani kaye kabuku kake. Ine ndimaona kuti kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu n'kokwanira, ndipo kumene laimu wachita kukhuthala, mankhwala ogulitsidwa ochotsera laimu m'makina amaposa viniga, yemwe amasungunuka kwambiri m'malita ambiri a madzi.

Pali chinthu chimodzi choopsa pa moyo: viniga asakumane ndi jiki, kaya mumgolo kapena m'kabati ka sopo, popeza ziwirizi zimatulutsa mpweya wa klorini womwe umawotcha maso ndi m'mapapo. Ngati mwachapa ndi jiki, yendetsani makinawo ndi madzi okha musanathire viniga.

Soda ndi wofatsa. Amachepetsa fungo la thukuta m'zovala, koma sachotsa laimu, ndipo sangalowe m'malo mwa sopo. Muthireni mumgolo momwe, supuni zazikulu ziwiri kapena zitatu, chifukwa m'kabati konyowa amaundana n'kutseka njira ya madzi, ndipo akachuluka m'madzi ozizira amasiya mizere yoyera pa zovala zakuda. Majuzi aubweya ndi nsalu zasilika musachapire soda.

Tibwerere ku makina onunkha aja. Fungolo limachokera ku zotsalira za sopo, mafuta a m'thupi ndi chuku zomwe zimaunjikana pamene mumachapa ndi madzi ozizira nthawi zonse, mukuchulutsa sopo, kenaka n'kutseka chitseko mkati mukadali monyowa. Yambani mwapinda mphira wa pachitseko ndi kupukuta m'mapindiro ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda a sopo. Tulutsani kabati ka sopo mukatsuke pampopi ndi kaburashi. Kenaka tsegulani sefa yomwe ili kumunsi kutsogolo, mutatchera beseni losaya chifukwa madzi atuluka, ndipo musadabwe kupezamo makobidi, mabatani ndi tsitsi. Mukatero yendetsani makinawo opanda zovala pa madigiri 60 kapena kuposa, ndipo ngati madzi a kwanu ndi amchere, apa ndi pamene kapu imodzi ya viniga ingathiridwe, yokha. Akamaliza pukutani mphirawo ndi kusiya chitseko ndi kabati zotsegula mpaka mkati muume. Fungo likabwerera pasanathe sabata ngakhale mwachita zonsezi, onani paipi yotulutsa madzi, chifukwa ikalowetsedwa kwambiri m'ngalande kapena ikapindika, madzi akuda amabwerera mumgolo.