Musanakweze ntchito ya wophunzira pa Turnitin, onani bokosi limodzi

Aphunzitsi anzanga, pokonza asayinimenti mu Turnitin, pulogalamu yoona ngati ntchito ya wophunzira ikufanana ndi zolemba za ena, pali malo osankha komwe mapepala apite, olembedwa `Submit papers to`. Mukasiya pa `standard paper repository`, nkhani ya wophunzira wanu imasungidwa m'nkhokwe ya kampaniyo kuti aziyerekezera ndi ntchito za anthu ena, ndipo imakhalabe komweko ngakhale kosi itatha. Mukasankha `no repository`, lipoti la kufanana mumalandirabe, koma pepalalo sililowa m'nkhokweyo.

Taganizani za mtsikana amene walemba za matenda a mayi ake, dzina lake ndi nambala yake ya sukulu zili patsamba loyamba. Iye analembera inu, osati kampani. Mukaikweza osamuuza, mwatulutsa chinsinsi cha anthu awiri. Ndipo kufufuta asayinimentiyo kumbali yanu sikuchotsa pepalalo m'nkhokwe. Pamafunika kupempha kudzera kwa woyang'anira akaunti ya sukulu.

Vutoli limaonekeranso motere: mwakweza chongoyeserera chake mwakachetechete, iye n'kudzapereka chomaliza, lipoti n'kuonetsa kuti pafupifupi chonse n'chobera, pomwe chikungofanana ndi chake chomwe.

Choncho chotsani tsamba la dzina, komanso dzina lobisika mu `Properties` ya fayilo. Auzeni ophunzira kosi isanayambe, mwa kulemba, kuti ntchito yawo idzapita kuti, ndipo kwa ana aang'ono funsani makolo. Mawebusayiti aulere oona ngati ntchito ndi yobera ndiye ine sindiwakhulupirira, ena amasunga zomwe mwamatamo.