Kukabatiza mwana ku Mzuzu muli ku Joni: yambani ndi kalata

Mwana wabadwira ku Joni, agogo ake ku Chibavi akuti ubatizo ukachitikire kumudzi mukabwera pa Khirisimasi. Ambirife timathamangira kugula tikiti ya basi ndi suti yoyera ya mwana, chonsecho chimene chimagwetsa mwambowu ndi kalata.

Ndinene za Akatolika poti ndiko kwathu. Wansembe wa ku Mzuzu sakukudziwani, ndipo sangangobatiza mwana wa anthu amene atulukira ndi zikwama dzulo. Pitani kaye kwa bambo mfumu a parishi imene mumapempherako kunjako, mukapemphe kalata yotsimikiza kuti ndinu akhristu awo ndipo akulola kuti mwana akabatizidwe kwina. Ngati pali maphunziro a makolo, chitirani komweko. Kalatayo ijambuleni, muitumize pa WhatsApp kwa m'bale amene amasonkhana ku mphakati, iye apite nayo ku ofesi ya parishi miyezi iwiri kapena itatu musananyamuke. Tsiku likhale lonena aparishi, tikiti mugule pambuyo.

Kholo la ubatizo musasankhe chifukwa cha thumba. Lamulo la mpingo limafuna Mkatolika wa zaka 16 kapena kuposa, wolimbitsidwa, wolandira Ukaristia, ndipo asakhale bambo kapena mayi wa mwanayo. Mnzanu wa ku Joni akalephera kuyenda, wina angathe kumuimirira, bola mwauziratu wansembe.

Dzina ndiye pamene pamabuka mkangano. Kumpoto, m'mabanja ambiri, otcha dzina ndi akuchimuna, agogo kapena azakhali, pamene inu munalembetsa kale lina pa chikalata chakubadwa. Aimbireni foni msanga. Dzina lawo litha kukhala loitanira pakhomo, koma lolowa m'buku la ubatizo lifanane ndi la pa chikalatacho, chilembo ndi chilembo, chifukwa buku lomwelo adzalitsegula pa ulimbitso ndi pa ukwati.

Ndalama za phwando tumizani kwa munthu mmodzi, pa Mukuru kapena Airtel Money, m'magawo awiri: loyamba la mpunga wa Kilombero, mafuta ndi makala, lachiwiri la nkhuku ndi zakumwa sabata yomaliza. Disembala ku Mzuzu ndi mvula, tenti musaiwale.

Za mphatso, musasenze zitenje kuchokera kunja, ku Taifa Market zadzadza, ndipo azakhali adzasankha okha mtundu. Kunjako gulani bulangete lochindikala ndi majuzi, poti Juni ndi Julayi ku Mzuzu kumazizira ndithu, ndipo zovala zikhale zokulirapo, khanda silichedwa kuzisiya. Kholo la ubatizo limayenerana ndi korona kapena kabuku ka mapemphero. Agogo amene atcha dzina musawapite ndi manja okha: chitenje kwa agogo aakazi, jekete kwa agogo aamuna, muwapatsire m'nyumba alendo asanafike.