Tsamba likamachedwa kutseguka, yambani mwawerenga Waterfall

Mlimi wa ku Bangula akadandaula kuti tsamba lanu la mitengo ya thonje likuchedwa kutseguka pa foni, musathamangire kunena kuti ndi netiweki. Musathamangirenso kugula seva yodula. Vuto likhoza kukhala pa seva, pa kukula kwa mafayilo, kapena pa momwe mafayilowo akudikirirana, ndipo lililonse lili ndi mankhwala ake. Burawuza ya Chrome imaonetsa zonsezi mwaulere.

Tsegulani tsambalo pa kompyuta, dinani F12, sankhani Network. Chongani Disable cache kuti muone zomwe amaona munthu wofika koyamba, kenako dinani Ctrl+R. Fayilo iliyonse yomwe tsambalo likukoka ikhala ndi mzere wake, ndipo kumanja kuli timizere togona tamitundu. Imeneyo ndiye Waterfall. Ngati sikuoneka, dinani kumanja kwa mbewa pa mitu ya ndandandawo n'kuisankha. Pomwe kamzere kayambira ndi nthawi yomwe fayilo yapemphedwa, ndipo kutalika kwake ndi nthawi yomwe yatenga.

Yambani ndi mzere woyamba, wa tsamba lenilenilo, chifukwa ena onse amadikira umenewo. Udineni, sankhani Timing. Mbali yobiriwira, Waiting for server response, ndi nthawi yodikira kuti seva iyambe kuyankha. Ya buluu, Content Download, ndi nthawi yokoka fayiloyo. Tiyerekeze kuti yobiriwira ikuti 1.8 s pamene ya buluu ikuti 40 ms. Apa kuchepetsa zithunzi sikungachotse masekondi amenewo. Mwina seva ikuchedwa kufufuza mitengo mu databesi, kapena ikumanga tsamba lomwelo mwatsopano kwa mlendo aliyense m'malo mosunga lomangidwa kale. Kuti mutsimikize, onani kafayilo kakang'ono kochokera pa seva yomweyo. Ngati kudikira kwake ndi 250 ms, umenewo ndi ulendo wopita ndi kubwera, ndipo nthawi yotsalayo ikuthera mu pulogalamu yanu.

Muyese zimenezi pomwe palembedwa No throttling pasanasinthidwe. Ndikutsindika chifukwa ambiri amasokonekera pano: mukasankha 3G pamalo amenewo kuti muyerekeze netiweki yochedwa, Chrome imawonjezera dala pafupifupi masekondi awiri pa pempho lililonse, ndiye seva yabwinobwino imaoneka ngati yodwala.

Mukathana ndi seva, sankhani 3G ija n'kutsegulanso tsambalo. Wayifayi ya mu ofesi ku Nchalo imabisa mavuto omwe amakumana nawo munthu wa ku Makhanga. Dinani mutu wa Size kuti mafayilo akuluakulu abwere pamwamba. Nthawi zambiri mupeza chithunzi choikidwa momwe chinachokera mu foni, tinene cha 2.4 MB, cha mapikiselo 4000 m'lifupi, pamene pa tsamba chikuoneka chaching'ono. Pa liwiro la makilobiti 400 pa sekondi, lomwe 3G ya Chrome imayerekeza, chithunzi chimenecho chokha chimafuna masekondi 48, ndipo kamzere kake kamakhala ka buluu pafupifupi konse. Chichepetseni chifike mapikiselo 1200, chisungeni ngati WebP. Chikatsika kufika 150 kB, masekondiwo atsala 3, ndipo bandulo ya mlimi yapulumuka.

Tsopano bwezerani ndandanda potsata nthawi yoyambira, muone maonekedwe a timizere tonse pamodzi. Ngati tikuyamba tisanu ndi kamodzi pamene tina tili ndi mbali yaitali yotuwa, Timing ikuuzani kuti Queueing kapena Stalled. Onetsani mutu wa Protocol. Mukaona http/1.1, chifukwa chake n'chakuti Chrome imatsegula njira zisanu ndi imodzi zokha ku seva imodzi, ndipo mafayilo otsala amaima pa mzere ngati zidebe pa mjigo. Pemphani osunga tsamba lanu ayatse HTTP/2, yomwe imaoneka ngati h2 ndipo imadutsa mafayilo ambiri pa njira imodzi.

Maonekedwe ena ndi a masitepe: kamzere sikayamba mpaka kanzake katatha. Mutu wa Initiator ukuonetsani amene anaitana fayiloyo. Mwina tsamba laitana CSS, iyo yaitana inzake kudzera mu `@import`, inzakeyo n'kuitana fayilo ya zilembo. Mafayilo atha kukhala aang'ono, koma sitepe iliyonse imalipira ulendo wake. Itanani mafayilo a CSS mwachindunji pa tsamba loyamba. JavaScript yoikidwa mu `<head>` nayo imaimitsa kuwerengedwa kwa tsamba mpaka itafika, choncho yosafunika msanga ilembeni chonchi:

```html
<script src="app.js" defer></script>
```

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, n'kuyesanso katatu, chifukwa manambala amasinthasintha. Lembani nthawi za DOMContentLoaded ndi Load zomwe zili pansi pa zenera musanasinthe ndiponso mutasintha. Dziwani kuti Waterfall siyesa mphamvu ya foni. Ngati timizere tafupika koma tsamba likuumabe pa foni yotchipa, ndiye kuti JavaScript ikuilemera foniyo, ndipo zimenezo muzifufuze pa Performance, gawo lina la pa zenera la F12 lomwelo.