Mwabweretsa katundu watsopano? Musapupulume ndi anthu 5 oyamba kugula

A ma agrodila ndi inu a makopaletivu, tiyeni tikambirane za matumba a PICS aja, osungira chimanga popanda mankhwala, a mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Ambiri mukangogulitsa pang'ono sabata yoyamba mumathamangira kukaoda mabelo, kenako zii, katundu kumangodya fumbi mu shopu.

Nkhaniyitu ndi yakale. Mu 1943 akatswiri awiri, Ryan ndi Gross, anatulutsa zotsatira za kafukufuku wawo wa momwe alimi a ku Iowa, ku America, analandirira mbewu ya chimanga cha haibulidi, anapeza kuti ambiri anamva koyamba kwa ogulitsa koma amene anawakopa kuti adzale anali anzawo oyandikana nawo minda, ndipo ankayamba ndi kandime kakang'ono kaye. Katswiri wina, Everett Rogers, mu 1962 anadzagawa anthu m'magulu asanu potengera changu chawo polandira zinthu zatsopano. Tiwerengere pa mudzi wa mabanja 200: okonda kuyesa chilichonse ndi 2.5%, mabanja 5 basi. Otsatira msanga 13.5%, mabanja 27. Kenako 68 odikira kuona kaye, 68 ena okayika, ndi 32 omalizira. Mudzi weniweni sugawika ndendende chonchi ayi, koma chithunzi chake ndi chimenecho.

Asanu oyambawo amagula okha, sasowa kuwanyengerera, vuto lake anthu sawatengera, amati aja ali ndi ndalama zoseweretsa. Mphamvu zanu ikani pa 27 aja, mlimi wachitsanzo, mayi wa banki nkhonde amene anzake amamufunsa nzeru, munthu woti munda wake ndi wofanana ndi wa aliyense. Amenewa muwapeze nthawi yokolola, muwaonetse pamaso, chimanga chiume bwinobwino, pulasitiki iliyonse imangidwe payokha mutafinya mpweya, chifukwa anankafumbwe amafa ndi kusowa mpweya. Thumba la mmodzi mwa amenewa likabooka kapena athiremo chachinyezi chiwole, dziwani kuti mudzi wonse umva lisanalowe dzuwa.

Gulu la 68 loyamba silimva za pawailesi kapena positala, limafuna umboni. Ndiye konzani tsiku lotsegula matumba patapita miyezi ingapo, mwini wake amasule yekha anthu akuona, pambali pake muike saka wamba ya chimanga chofumbwa, anthu apise manja okha. Oda yaikulu ndi ya sizoni yachiwiri, osati yoyamba.

Mudziwa bwanji kuti mwafika pagulu limeneli? Mverani mafunso pa kauntala. Oyamba amafunsa kuti zimagwira ntchito bwanji, awa amafunsa kuti wagwiritsapo ndani kuno, nanga likang'ambika ndipeza kuti lina. Okayika aja amabwera akaona kuti atsala okha, ndipo nkhani yawo ndi mtengo, agulitseni limodzilimodzi. Omalizirawo musawanyoze, ambiri chimanga chawo chimatha msanga, choti asunge miyezi sikisi palibe.

Zogawa ulere samalani nazo, munthu wolandira thumba laulere musamuwerenge ngati kasitomala mpaka adzabwere yekha ndi ndalama yake chaka chamawa.