Momwe mungagawire mphindi zanu potsatira malikisi a majaji pa mpikisano wa mabizinesi atsopano

Musanalembe silaidi ngakhale imodzi, pemphani kwa okonza mpikisano pepala lomwe majaji adzagwiritse ntchito popereka malikisi, chifukwa pepalalo ndi lomwe liyenera kukuuzani zoti munene komanso nthawi yoti muthere pa mfundo iliyonse.

Tiyerekeze kuti mumaumitsa usipa m'matenti a dzuwa ku Senga Bay n'kukagulitsa ku Lilongwe, ndipo mwapatsidwa mphindi 5. Papepala alembapo kuti vuto ndi msika ndi malikisi 20, njira yanu yothetsera vutolo 15, kapezedwe ka ndalama 30, anthu oyendetsa bizinesi 20, ndipo phindu kwa anthu a m'dera 15. Mphindi 5 ndi masekondi 300, choncho malikisi 10 aliwonse akuyenera masekondi 30. Kapezedwe ka ndalama katenge masekondi 90, pomwe tenti yanu, yomwe ndi njira yothetsera vutolo, ngakhale mumainyadira, isapitirire masekondi 45.

Kenako lembani mitu isanuyo m'kope motsatira ndondomeko ya pepala la majaji, ndipo pansi pa mutu uliwonse muikepo umboni umodzi wogwirika. Mawu a pamutu pa silaidi akhale omwewo ali papepalalo, pakuti jaji amalemba malikisi inu mukulankhula, ndipo akasowa polemba amasiya bokosi lopanda kanthu n'kudzalidzaza mongokumbukira.

Gawo la ndalama ndi lomwe linandigwetsa ine, ndipo ndikupemphani kuti mulipatse nthawi yokwanira. Kunena kuti usipa uli ndi msika waukulu ndi yankho la mutu woyamba, osati la mutu uwu. Pano majaji akufuna kutsatira ndowa imodzi kuchokera pagombe mpaka m'manja mwa wogula: mwaigula zingati kwa asodzi, ikauma ikutulutsa mapaketi angati, mapulasitiki ndi thiransipoti zikudya zingati, ndipo mukutsala ndi zingati. Muwauzenso chomwe mumachita mphepo ya mwera ikawomba m'miyezi yozizira asodzi osalowa panyanja, kapena mwezi ukawala usipa n'kuchepa, chifukwa jaji wodziwa nyanja adzafunsa zimenezi. Ngati mafunso onse akumapeto akubwerera ku mtengo, dziwani kuti gawoli silinamveke. Malisiti a omwe anakugulani kale amalemera kuposa malonjezo a zaka zisanu zikubwerazo.

Chenjerani ndi anthu omwe amagulitsa masilaidi okonzakonza. Amalipiritsa zambiri, koma amangosintha dzina pa ntchito yomwe anagulitsa kale kwa wina, ndipo mitu yake sigwirizana ndi pepala la mpikisano wanu. Kusindikiza mapepala amitundu nakonso kwadula, ndipo sikuwonjezera malikisi.

Pa gawo la oyendetsa bizinesi, tchulani amene amagula nsomba, amene amasunga mabuku ndi luso la aliyense. Pa phindu kwa anthu, nenani chiwerengero chenicheni cha amayi omwe mwawalemba ntchito. Mukatero mupatse mnzanu pepala la majaji ndi wotchi ya pafoni, muyeserere kulankhula pamaso pake, akupatseni malikisi, ndipo mukonzenso mutu womwe wapeza ochepa.